Bulufeni ndi impso za mayi: anamwino awaletsa, nanga mapilitsi enawa titani nawo?

MwanaWaMufakose
Abale anga muno mu Harare, ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali ndi zaka 67, ali ndi bipi ndi shuga, ndipo mawondo amawasautsa kwambiri. Akhala akumwa bulufeni wa mamiligalamu 400 katatu pa tsiku kuyambira nthawi yozizira, ndipo ululu ukanyanya amawonjezera dayikilofenaki amene amagula pa msika. Sabata yatha anatsekula m'mimba masiku atatu, kenako mapazi anayamba kutupa. Dzulo tinakatenga zotsatira za magazi ku kiliniki. Papepala alemba kiliyatinini 128, eGFR 40, yomwe akuti ndi nambala yosonyeza mmene impso zikusefera magazi, ndi potaziyamu 5.3. Mu Marichi kiliyatinini anali 84, eGFR 66. Anamwino angoti bulufeni asiyiretu, tibwere Lachinayi tidzaonane ndi dokotala. Mzere unali wautali, sitinafunse zambiri. Mayi akukana, akuti panado sawamva. Kodi n'zoona kuti mankhwala a ululu chabe angaononge impso chonchi? Nanga ena amene akumwa tipitirize? Pa bipi ali pa enalapilo ndi HCT, pa shuga ali pa metifomini wa 850 kawiri pa tsiku ndi gilibenkilamaidi.

Dalaivala_Beitbridge
Bulufeni ine ndakhala ndikumwa zaka zambiri chifukwa cha msana, impso zanga zili bwinobwino. Asawaopseze amayi. Azingomwa madzi ambiri, amatsuka zonse.

NaBanda_Mbare
Achimwene, mukudziwa bwanji kuti zili bwino? Munakayezetsa?

Dalaivala_Beitbridge
Sindinayezetse, koma sizipweteka. Impso ikadwala munthu amamva kuwawa m'chiuno.

Sisitala_Highfield
Ayi bambo, apo ndikutsutseni ndithu. Ndagwira ntchito mu wodi zaka zambiri. Impso zimapweteka mukakhala mwala kapena mafinya. Koma zikamafooka chifukwa cha bipi, shuga kapena mankhwala, zimafooka mwakachetechete. Ambiri amene amafika pa makina osefa magazi ku chipatala cha Parirenyatwa sanamvepo kuwawa m'chiuno ngakhale tsiku limodzi. Amabwera atatupa, akusanza, mpweya ukuwathera.

WaMankhwala_Avondale
Achemwali a ku Mufakose, anamwino aja anena zoona, ndipo chonde dayikilofenaki nayenso achotsedwe m'nyumbamo lero. Iye, bulufeni, indosidi ndi napulokiseni ndi banja limodzi. Kumwa awiri sikuchepetsa ululu kawiri, kumangoonjezera chiopsezo ku impso ndi m'mimba.

Ndifotokoze chimene chachitika, chifukwa mayi akamvetsa savuta kuwauza. Mu impso muli tinthu tosefa magazi tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Kuti kusefa kuchitike, mkatimo muyenera kukhala mphamvu yokankha. Zili ngati paipi yothirira kudimba: mukachepetsa madzi pa mpopi, n'kusiyanso kutsina kunsonga, madzi amangodontha osafika pa bedi. Munthu akataya madzi m'thupi, thupi limapanga timankhwala totchedwa pulositagilandini tomwe timatsegula kamtsempha kolowetsa kaja kuti impso zisasowe magazi. Bulufeni amathetsa ululu potsekereza timankhwala tomweto. Ndiye bondo limapepuka, koma khomo lolowera magazi mu impso limapanikizika. Enalapilo amamasula kamtsempha kotulutsa. HCT amachotsa madzi kudzera mu mkodzo. Mwa mayi zonse zitatu zinali pamodzi, kenako kutsekula m'mimba kunabwera pamwamba, m'nyengo yotentha ino ya Okutobala. Impso zinasowa pogwira.

Bambo Dalaivala, ichi n'chifukwa chake inu mwina simunaone vuto. Munthu wamphamvu, wopanda bipi, wakudya ndi kumwa bwino, akamwa bulufeni masiku awiri kapena atatu chifukwa cha dzino, impso zake nthawi zambiri zimapirira. Mayi a zaka 67 a shuga ali pamalo ena.

Dalaivala_Beitbridge
Ndamva. Koma bipi ndili nayo, ndimamwa losatani. Ndipo pa boda timakhala masiku pa mzere, madzi ndimamwa pang'ono dala poopa kusiya thiraki.

WaMankhwala_Avondale
Ndiye inuyo muli m'gulu lomwelo. Losatani amachita pa impso zomwe amachita enalapilo. Komanso bulufeni amasunga mchere ndi madzi m'thupi, ndiye amakweza bipi imene mukulimbana nayo. Mukafika mu Harare kayezetseni magazi, auzeni kuti mukufuna U&E. Ndi kuyeza kumodzi, kumaonetsa kiliyatinini ndi potaziyamu.

AnkoloAkuDzivarasekwa
Ine ndikuona kuti vuto ndi mapilitsi a bipiwo. Mlamu wanga anamwa enalapilo zaka khumi, pano ali pa makina. Mayiwo asiye onse, apume kaye, thupi lidziyeretse lokha.

Sisitala_Highfield
Ankolo, pepani za alamu anu, koma mawu amenewa ndi oopsa. Chimene chimapha impso mwa ambiri ndi bipi ndi shuga zosasamalidwa. Enalapilo kwa munthu wa shuga ndi amene amateteza impso pa zaka zambiri, makamaka ngati mu mkodzo mukutuluka pulotini. Amangofuna kuimitsidwa kwa kanthawi munthu akamasanza kapena kutsekula m'mimba kwambiri, n'kuyambiranso akatha tsiku limodzi kapena awiri akudya ndi kumwa bwino. Kupumitsa masiku ochepa ndi kusiyiratu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

AnkoloAkuDzivarasekwa
Chabwino, koma amene amatipatsa mapilitsiwo bwanji satiuza zimenezo? Ine ndamva lero.

MwanaWaMufakose
Zikomo nonse. Ndiye kufikira Lachinayi ndichite chiyani? M'mimba mwasiya, akudya, koma dzulo m'mawa anatuluka thukuta kwambiri, manja akunjenjemera, akuyankhula zosagwirizana. Atamwa tiyi wa shuga anakhala bwino. Ndimaganiza kuti ndi kufooka kwa matenda aja.

Sisitala_Highfield
Mwanangu, musadikire Lachinayi. Ameneyo ndi shuga wotsika, ndipo ndikukayikira gilibenkilamaidi. Zotsalira za mankhwala amenewa zimatuluka kudzera mu impso. Impso zikachedwa, zimaunjikana, ndipo shuga amatha kugwa, mwamudzutsa ndi tiyi, patapita maola ochepa wagwanso. Usiku munthu akhoza kukomoka muli mtulo. Pilitsi limenelo asamwenso mpaka dokotala awaone, ndipo pitani nawo lero kapena mawa m'mawa kwambiri. Nyamulani mapaketi onse m'jumbo, ndi a pa msika omwe, ndi mapepala onse awiri, la Marichi ndi ladzulo. Usiku uno adye nsima asanagone, wina agone nawo chipinda chimodzi, ndipo ngati muli ndi kamakina muwayeze. Zikachitikanso, kapena mkodzo ukachepa kwambiri, akayamba kusanza kapena kubanika, ndi ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo.

WaMankhwala_Avondale
Ndikugwirizana ndi asisitala pa zonse. Gilibenkilamaidi sitimukonda kwa achikulire ngakhale impso zili bwino, ndipo eGFR ikatsika pansi pa 60 timamupewa. Kawirikawiri dokotala amasintha n'kuika gilikilazaidi, kuyambira pa mlingo wochepa.

Pa metifomini, anthu ambiri amaganiza kuti amaononga impso. Saononga. Vuto ndi lakuti amatuluka m'thupi kudzera mu impso mokha, ndiye zikafooka amachuluka m'magazi, ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amachititsa kuti magazi akhale ndi asidi wambiri. Munthu amasanza, amapuma mwakuya ndi mofulumira, amafooka zedi. Malire amene timatsatira ndi awa: eGFR ikakhala 45 kupita m'mwamba munthu amapitiriza, akumayezedwa. Pakati pa 30 ndi 44 asapitirire mamiligalamu 1000 pa tsiku. Pansi pa 30 amasiya. Mayi akumwa 1700 pa tsiku ndipo ali pa 40, ndiye mlingo wawo wapitirira kale. Ine ndikanati aime kaye metifomini mpaka mawa lomwelo, dokotala anene.

Sisitala_Highfield
Apo pokha tisiyana pang'ono. Kuwachotsera mankhwala onse awiri a shuga nthawi imodzi, ali kunyumba, ine ndimaopa shuga kukwera. Poti akudya ndi kumwa bwino tsopano, ndikanangoti amwe kamodzi.

WaMankhwala_Avondale
Tsiku limodzi lopanda metifomini silikweza shuga moopsa, ndipo sitikudziwa ngati kiliyatinini akukwerabe kapena wayamba kutsika. Koma nonse tikunena chimodzi: apite mawa, asachite kusankha okha pakati pa ine ndi inu.

MphunzitsiChitungwiza
Ndili ndi funso la masamu. Mchimwene wanga wa zaka 30 anayezetsa ku ntchito, kiliyatinini wake anali pafupi ndi 128 yemweyo, ndipo anangomuuza kuti adzabwereze, palibe chodetsa nkhawa kwambiri. Bwanji kwa mayiwa ikhale nkhani yaikulu?

WaMankhwala_Avondale
Aphunzitsi, kiliyatinini ndi zinyalala zochokera mu minofu. Mnyamata wa minofu yambiri amapanga wambiri, gogo wochepa thupi amapanga wochepa. Ndiye nambala imodzimodzi imanena nkhani ziwiri. Ife tikamakonza mlingo wa mankhwala timawerengera CrCl, nambala inanso yosonyeza mmene impso zikusefera, motere kwa amayi, ndipo kwa abambo timaika 1.23 m'malo mwa 1.04:

```
CrCl = (140 - zaka) x kg x 1.04 / kiliyatinini
```

Achemwali, mayi amalemera bwanji?

MwanaWaMufakose
Dzulo pa sikelo anali makilogalamu 58.

WaMankhwala_Avondale
Ndiye 140 kuchotsa 67 ndi 73. Kuchulukitsa ndi 58, kenako ndi 1.04, tipeza pafupifupi 4400. Kugawa ndi 128, yankho ndi 34. Mchimwene wa aphunzitsi, tiyerekeze kuti ali ndi makilogalamu 80, akutuluka pa 85. Mwaona kusiyana kwake. Labu yalemba 40 pomwe ine ndapeza 34 chifukwa njira ya labu siyiwerengera kulemera kwa munthu, ndipo kwa achikulire ochepa thupi ine ndimadalira nambala yotsikayo.

Koma masamu onsewa amagwira bwino kiliyatinini akakhala atakhazikika. Wa mayi wachoka pa 84 kufika pa 128, kukwera ndi theka lathunthu, ndipo sitikudziwa kuti wakwera liti. Mwina ndi kuvulala kwa sabata yathayi komwe kungabwerere, mwina wakhala akukwera pang'onopang'ono kuyambira pamene anayamba bulufeni. Pepala limodzi silinganene. Matenda okhalitsa a impso amatsimikizika nambala ikakhala yotsika kwa miyezi itatu kapena kuposa. Ndiye musalire maliro, koma musanyozerenso.

NaBanda_Mbare
Nkhani ya kutsekula m'mimbayi ndiye ikundiwawa. Madzi a mu mzinda muno! Kwathu mipopi imauma masiku, tonse pa dirawo imodzi. Kolera ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro tikuona, ya 2008 ndiye sitiyiiwala. Agogo angati amene anali pa mapilitsi a bipi anapitiriza kumwa uku akutsekula, osadziwa?

AnkoloAkuDzivarasekwa
Ife timawiritsa, koma magetsi akathima nkhuni zake ziti? Kumudzi ku Dedza madzi a pa mjigo timamwa osaopa.

GogoNaphiri_Epworth
Ana anga, botolo lija la mamililita 750 la munthu wotsekula m'mimba musaliiwale. Madzi owiritsa, masupuni ang'ono asanu ndi imodzi a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Tinalera nalo ana. Koma ine ndifunse zanga. Ndimamwa asipulini wamng'ono uja wa 75 chichitikireni sitiroko. Nayenso ndi wa ululu. Ndisiye?

Sisitala_Highfield
Ayi agogo, ameneyo musasiye. Pa mlingo wa 75 ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana, ndipo anakupatsani kuti sitiroko isabwerenso. Amene timaletsa ndi asipulini wambiri womwera mutu, ndi maufa a mutu aja a m'timapepala, chifukwa ambiri muli asipulini wochuluka. Muziwerenganso mapaketi a mankhwala a chimfine ndi a msana. Ena amasakaniza panado ndi aibupulofeni m'pilitsi limodzi, ndipo aibupulofeni ndiye bulufeni yemweyo. Munthu amalumbira kuti anasiya, pomwe akumwabe m'dzina lina.

ChikondiWaGlenNorah
Sindimafuna kulemba koma mwina zithandiza wina. Ine ndili pa TLD. Chaka chatha ndinathyoka mwendo, ndinabayidwa dayikilofenaki kangapo kenako ndinamwa mapilitsi ake pafupifupi mwezi. Sindinanene kuti ndili pa ma ARV, ndipo palibe anandifunsa. Pokayezetsa anapeza impso zatsika, anandichotsa pa pilitsi limodzi lija n'kundipatsa ena okhala ndi abakaviya. Pano zakwerako koma sizinafike pakale.

WaMankhwala_Avondale
Zikomo polemba, achemwali, izi n'zofunika kwa ambiri pagulu pano. Mu TLD muli mankhwala atatu. Tenofoviya ndi amene amatha kuvulaza timapaipi ta mu impso, ndipo akakumana ndi dayikilofenaki chiopsezo chimakula. Nambala ija ikatsika pansi pa 50, pilitsi limodzilo silikhalanso loyenera, n'chifukwa chake anakusinthirani. Lamivudini naye amachepetsedwa impso zikafooka kwambiri. Dolutegilaviya sasintha mlingo, kungoti amakweza kiliyatinini pang'ono m'masabata oyamba popanda kuvulaza impso, ndiye kukwera kochepa koyambirira kokha sikuopsa.

Wina asawerenge izi n'kusiya ma ARV yekha. Kupatula kachilombo kubwerera, amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepataitisi B akasiya tenofoviya mwadzidzidzi chiwindi chimatha kutupa koopsa. Kusintha kumachitikira ku kiliniki. Amene mumamwanso kotiri, antibayotiki woteteza ku matenda uja, tsiku ndi tsiku, dziwani kuti nambala ija ikakhala pakati pa 15 ndi 30 amamwa theka, ndiponso amakweza potaziyamu, makamaka pamodzi ndi enalapilo.

MphunzitsiChitungwiza
Potaziyamu wa 5.3 wa mayiwa ndi woopsa?

Sisitala_Highfield
Wakwera pang'ono, si wa ngozi panokha. Akafika 6 ndi pamene timathamanga chifukwa amasokoneza kugunda kwa mtima. Bulufeni ndi enalapilo onse amamukweza, ndiye akabwereza magazi aonenso ameneyo.

MwanaWaMufakose
Ndamva zonse, tipita mawa m'mawa. Koma funso la mayi silinayankhidwe. Mawondo atani nawo? Akapanda kupeza chothandiza ndikudziwa kuti adzatuma mdzukulu ku msika ine ndili ku ntchito.

WaMankhwala_Avondale
Mwafunsa pamene pagona nkhani. Ambiri amene amati panado sawamva amamwa limodzi la 500 ululu utafika kale pachimake. Kwa mawondo a nyamakazi ayesere mapilitsi awiri a 500, katatu pa tsiku, pa nthawi yake, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Amenewo ndi magalamu atatu. Malire a munthu wamkulu ndi anayi, koma kwa mayi achikulire a makilogalamu 58 ine ndimaima pa atatu, ndipo pasakhale mankhwala ena okhala ndi panado mkati. Sindikulonjeza kuti afanana ndi bulufeni. Pa nyamakazi panado ndi wofookerapo, zimenezo n'zoona, ndipo mayi sakunama. Pamafunika kuonjezera zina: ndodo yoyendera m'dzanja la mbali yosapweteka, kuthowa ndi nsalu yofunda, zolimbitsa minofu ya ntchafu zimene a fiziyo amaphunzitsa, ndipo bondo likatupa kwambiri dokotala akhoza kubaya mankhwala m'bondo momwemo, ngakhale jakisoni ameneyo amakweza shuga kwa masiku angapo.

Musathamangire amphamvu a gulu la kodini ndi mofini. Zotsalira zawo zimaunjikana impso zikafooka, gogo amangosinza, kusokonezeka ndi kugwa. Tiramadolo naye amachepetsedwa nambala ikatsika pansi pa 30.

NaBanda_Mbare
Nanga dayikilofenaki wopaka uja? Apongozi anga amamutama.

WaMankhwala_Avondale
Wolowa m'magazi kuchokera pa khungu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pilitsi. Impso zikakhazikika, kupaka pa bondo limodzi kapena awiri masiku owerengeka ine ndimavomera. Sabata ino ayi.

Sisitala_Highfield
Ine ngakhale pambuyo pake ndimakayika. Papepala ndi pang'ono, koma kunyumba agogo amapaka mawondo, msana, mapewa, kangapo pa tsiku, chubu kutha masiku atatu. Afunse dokotala amene aone magazi achiwiri.

Dalaivala_Beitbridge
Nanga mankhwala azitsamba otsuka impso amene amagulitsa mu mabasi?

Sisitala_Highfield
Simudziwa chimene chili m'botolomo, ngakhale mlingo wake. Impso yovulala siifuna kutsukidwa, imafuna kuchotseredwa chimene chikuivulaza. Madzinso si kuti ambiri ndiye abwino. Munthu wotupa mapazi amene mkodzo wachepa akamwa malita ambirimbiri, madziwo amakathera m'mapapo. Mayiwa amwe monga mwa ludzu lawo mpaka dokotala awauze mlingo.

MwanaWaMufakose
Ndabwerera kudzakuuzani. Tinapita m'mawa mwake monga munanenera. Dokotala anachotseratu gilibenkilamaidi n'kuika gilikilazaidi wochepa. Anaimitsa HCT, enalapilo ndi metifomini kwa masiku angapo, n'kuwapatsa amulodipini kuti bipi isakwere, akuti ameneyo safuna kusintha mlingo chifukwa cha impso. Tabwereza magazi patatha masabata awiri: kiliyatinini 103, eGFR 51, potaziyamu 4.6. Mapazi aphwa, kunjenjemera kuja sikunabwerenso. Enalapilo ayambiranso, ndipo akuti tikayezenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Metifomini ndi 500 kawiri pa tsiku. Anayezanso mkodzo, akuti muli pulotini pang'ono. Mawondo akupwetekabe, makamaka m'mawa, ndipo ndodo akuikana, akuti si nkhalamba. Kodi 51 ameneyu adzafikanso pa 66?

WaMankhwala_Avondale
Akhoza kukwerabe m'masabata akubwerawa, akhozanso kuima pamenepo. Pulotini mu mkodzo akusonyeza kuti mwina shuga anali atayamba kale kugwira impso bulufeni asanabwere, ndipo n'chifukwa chake dokotala wabwezeretsa enalapilo. Musadabwe kiliyatinini akakwera pang'ono atayambiranso, zimayembekezeka, ndipo n'zimene akufuna kuona pa kuyeza kotsatirako. Yankho lenileni mudzalipeza pa magazi a mu Januwale. Pakadali pano lembani eGFR yawo ndi tsiku lake pa tsamba loyamba la buku lawo la kuchipatala, ndipo aliyense wowalembera mankhwala, ngakhale wa mano, aziona. Maantibayotiki ena monga jentamaisini, sipulo ndi naitulofulantoini amadalira nambala imeneyo.

GogoNaphiri_Epworth
Za ndodozo ndisiyireni ine. Mundipatse kuseri tsiku limene amapita ku kiliniki, ndidzabwera ndi yanga tidzacheze.

Dalaivala_Beitbridge
Ndili ku Musina, ndilowa Loweruka. U&E ija amayeza munthu asanadye kapena nthawi iliyonse?

Sisitala_Highfield
Nthawi iliyonse, bambo. Muwauze kuti mumamwa losatani ndi bulufeni, ndipo anene nambala ya eGFR, asangoti zili bwino.